Kuitanira anthu ku msonkhano wa za madzi popanda kuloza wina chala

Funso: Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko m'dera lina la m'mbali mwa phiri kuno ku Blantyre. Taitanitsa msonkhano wa anthu onse chifukwa madzi akumasowa, ndipo kiyosiki yathu ili ndi ngongole. Anthu a kumtunda akuti a kumunsi ndiwo akutha madzi, ena akuti ogulitsa madzi akudya ndalama. Msonkhano wapitawo kunabwera anthu ochepa ndipo unathera m'mikangano. Ndingawaitane bwanji anansi anga mwaulemu, osaoneka ngati ndili mbali ya wina, koma kuti abweredi?

Yankho: Mayi, musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, pitani kaye kwa apampando anu mukagwirizane chinthu chimodzi, chomwe ndi chakuti msonkhanowo ukagamula chiyani. Pa zaka zimene ndagwira ntchito ndi makomiti a madzi ndaona kuti anthu sasiya geni yawo kapena zochapa zawo chifukwa chongomva kuti "kuli msonkhano wokambirana za madzi," pakuti za madzi amakambirana kale tsiku lililonse pamzere wa ndowa, ndipo saona chachilendo chimene angakamve pabwalo. Chimene chimamudzutsa munthu ndi kudziwa kuti tsiku limenelo padzamangidwa mfundo yokhudza mtengo wa ndowa, nthawi yotsegulira kiyosiki kapena anthu osunga ndalama, ndiponso kuti mfundoyo idzamukhudza kaya wabwera kaya sanabwere. Uthenga wonena zimenezi momveka sufunika kukometsera kapena kuopseza, ndipo ukhoza kukhala waulemu kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Pogwirizana ndi apampandowo, siyanitsani zinthu zimene msonkhano uli ndi mphamvu yogamula ndi zimene ungathe kungopempha. Anthu a m'dera angathe kugwirizana za maola ogulitsira madzi, za njira yolembera ndowa zogulitsidwa, za kabwezedwe ka ngongole ndi za kusankha anthu oyang'anira mabuku, malinga ndi malamulo a bungwe lawo la ogwiritsa ntchito madzi ngati kiyosikiyo ili pansi pa bungwe lotere. Koma sangagamule mtengo umene bodi ya madzi imalipiritsa pa yuniti ya malita 1,000, sangagamule tsiku limene madzi adzatsegulidwe m'paipi yaikulu, ndiponso sangalamule kuti thanki yatsopano imangidwe chaka chino. Zimenezi angathe kuzilemba m'kalata ndi kusankha nthumwi zokazipereka. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa uthenga wolonjeza kuti "tikathetsa vuto la madzi" umadzaza bwalo kamodzi kokha, ndipo anthu akabwerera kunyumba n'kupeza mipopi ili youmabe, msonkhano wotsatira mudzakhala inu nokha a komiti.

Kuti mawu anu asakhale a mbali imodzi, muyenera inu eni kumvetsa chimene chimachititsa kuti kumtunda kuume kumunsi kukutuluka madzi. Madzi ambiri a mzinda wa Blantyre amachokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, ndipo amakwezedwa ndi makina oyendera magetsi pafupifupi mamita 800 kupita kumtunda, kudzera pa Chileka, asanafike m'mathanki akuluakulu a mumzinda. Damu la Mudi ndi madzi ochokera ku Likhubula ku Mulanje amangowonjezera pamenepo. Kuchokera m'mathanki, madzi amayenda m'mapaipi ndi mphamvu ya kutsetsereka kwake, ndipo mphamvu imene amafika nayo pampopi imadalira kuti mpopiwo uli m'munsi motani poyerekeza ndi madzi a m'thanki. Nyumba ya kumunsi imalandira madzi amphamvu ngakhale thanki itatsala pang'ono kuuma, pamene nyumba ya kumtunda imafuna thanki yodzaza bwino ndi mapaipi odzaza kuti madzi akwere kufika kwa iyo.

Choncho magetsi akazima kwa maola angapo kumene amapopera madzi, kapena paipi yaikulu ikaphulika, thanki imatsika ndipo oyamba kuuma ndi a kumtunda. Madzi akabweranso, amayamba adzaza mapaipi a kumunsi, amakankha mpweya umene unalowa m'mapaipiwo, ndipo amapeza mabanja onse a kumunsi atatsegula mipopi kuti adzaze migolo ndi zigubu poopa kuti madzi apitanso. N'chifukwa chake a kumtunda amawaona madziwo pakati pa usiku kapena mbandakucha, anzawo atatseka mipopi n'kugona. Mukaona bwino, a kumtunda sakunama akamati madzi akuthera kumunsi, koma a kumunsinso sakuchita choipa chilichonse, chifukwa akungotunga madzi amene afika pakhomo pawo ndipo akulipira. Vutoli ndi la mapiri, la mapaipi ndi la kuchepa kwa madzi olowa m'thanki, ndipo njira zake ndi monga kugawa maola potseka ndi kutsegula mavalavu, ntchito imene ingagwiridwe ndi eni mapaipi okha. Mlembi amene wamvetsa zimenezi salemba kuti "ena akutha madzi a anzawo." Amalemba kuti "madzi sakufika mofanana m'zigawo zonse za dera lathu," ndipo mawu amenewa aliyense wa kumtunda ndi wa kumunsi angawavomereze popanda kumva kuti wanyozedwa.

Pali njira yosavuta yodziwira mtundu wa vuto limene muli nalo, ndipo ndi bwino kuti komiti iyesere msonkhano usanafike. Ngati dera lonse lauma pamodzi ndi madera oyandikana nalo, vuto lili kutali, kumakina kapena kupaipi yaikulu. Ngati kumunsi madzi alipo koma kumtunda kulibe, vuto ndi kuchepa kwa mphamvu ya madzi. Ngati nyumba zoyandikana ndi kiyosiki zili ndi madzi koma kiyosiki yokha ndiyo youma, ndiye kuti mwina yadulidwa chifukwa cha ngongole, mwina kasefa ka pamita katsekeka ndi mchenga, mwinanso kapaipi kolowera pamenepo kaphwanyika. Pemphani mabanja atatu, lina la kumtunda, lina la pakati ndi lina la kumunsi, kuti kwa masiku 14 azilemba m'kope ola limene madzi abwera ndi ola limene apita. Kope lotere limaposa madandaulo a pakamwa, chifukwa wogwira ntchito ku bodi akaliona amatha kulifananiza ndi zolemba zawo za mathanki, pamene mawu akuti "madzi sabwera n'komwe" sangathe kuchitapo kanthu.

Nkhani ya ngongole ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa imakhudza mbiri ya anthu amene mumakhala nawo, mumapemphera nawo ndiponso mumakumana nawo pamaliro. Ndikupemphani kuti mawu akuti kuba, kudya ndalama kapena kusokoneza chuma asapezeke mu uthenga wanu, ngakhale inu mumtima mukukayikira wina. Chifukwa chake si ulemu wokha ayi, koma masamu a kiyosiki amene anthu ambiri sanawawerengepo. Mita imawerenga mayunitsi, ndipo yuniti imodzi ndi malita 1,000, omwe ndi ndowa 50 za malita 20. Tiyerekeze kuti pamwezi mita yayenda mayunitsi 240, ndiye kuti ndowa 12,000, ndipo tingoyerekezanso kuti ndowa imagulitsidwa K50, ngakhale inu mudzaikapo mtengo weniweni wa kwanuko. Munthu wowerengera pamwamba adzanena kuti m'bokosi muyenera kukhala K600,000. Akamva kuti m'buku mwalembedwa K480,000, zomwe ndi ndowa 9,600, adzaimirira pamsonkhano n'kunena kuti K120,000 yalowa m'thumba la wogulitsa.

Tsopano tiyeni tiwatsate madzi osowawo, omwe ndi mayunitsi 48. Ndowa zambiri zimene timazitcha za malita 20 zimalowa madzi oposerapo zikadzazidwa mpaka m'milomo, ndipo ena amabwera ndi mabeseni kapena zigubu zokulirapo n'kulipira mtengo womwewo. Ngati ndowa iliyonse mwa 9,600 zija yatenga malita 2 owonjezera, apita malita 19,200, omwe ndi mayunitsi pafupifupi 19. Mayi aliyense amatsukuluza ndowa asanatunge, ndipo akuchita bwino, koma theka la lita pa ndowa iliyonse limakwana malita 4,800, mayunitsi pafupifupi 5. Mpopi wakutha labala, umene ukutaya kapu imodzi ya kota ya lita pa mphindi iliyonse, umataya malita 360 pa tsiku ngati madzi alipo usana ndi usiku, ndipo pamwezi amakwana mayunitsi pafupifupi 11. Tikaphatikiza, mayunitsi 35 mwa 48 aja apita popanda munthu kukhudza khobidi, ndipo mtengo wake ndi K87,500. Otsala ndi mayunitsi 13, ndowa 650, za K32,500. M'menemo muli madzi operekedwa pangongole kwa anthu amene sanabweze, madzi operekedwa ulere pamaliro, ndipo n'kuthekadi kuti mulinso ndalama zimene wina sanapereke. Sindikunena kuti chinyengo sichichitika m'makiyosiki, chifukwa ndinachionapo. Ndikunena kuti simungachidziwe musanachotse madzi otayika, ndipo munthu amene mwamutchula wakuba pagulu chifukwa cha K120,000 simungathe kumubwezera ulemu wake mukadzapeza kuti yosalongosoka ndi K32,500 yokha.

Kuti mudziwe ngati madzi akutayika, werengani manambala a pamita madzulo potseka kiyosiki, pali anthu awiri, ndipo muwerengenso m'mawa musanatsegule. Ngati manambala asuntha, ndiye kuti pali podontha kuseri kwa mita, kumbali ya kiyosiki, kapena wina akutunga usiku, kupatula ngati kiyosikiyo ili ndi thanki yake imene imadzaza usiku. Kudontha kwa patsogolo pa mita, kumbali ya paipi yaikulu, sikulowa pabilu yanu, ngakhale kumachepetsa mphamvu ya madzi ndipo kuyenera kunenedwa msanga. Chitani zimenezi masiku atatu otsatizana, ndipo muyese ndowa zisanu zodziwika bwino za pamzere pogwiritsa ntchito botolo la malita 5. Mukatero mudzafika pamsonkhano ndi manambala, ndipo mu uthenga wanu mudzatha kulonjeza chinthu chimene chimakopa anthu kuposa china chilichonse, chomwe ndi chakuti mabilu ndi mabuku adzawerengedwa poyera.

Uthenga umene ndingalembe ndikanakhala pamalo panu ungamveke motere, ndipo inu mudzaikamo tsiku, malo ndi mayina a kwanuko:

"Kwa makolo, amayi, abambo ndi achinyamata onse okhala m'dera lathu, eni nyumba ndi ochita lendi omwe. Komiti ya chitukuko, mogwirizana ndi amfumu, ikukupemphani mwaulemu kuti mudzabwere ku msonkhano wa za madzi Loweruka likudzali pabwalo la sukulu ya pulayimale, kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko masana. Monga tonse tikudziwa, madzi sakufika mofanana m'zigawo zonse za dera lathu, ndipo kiyosiki yathu ili ndi ngongole ya madzi imene iyenera kubwezedwa kuti isatsekedwe. Pamsonkhanowu mabilu a miyezi itatu yapitayi ndi buku la ndalama zidzawerengedwa pamaso pa onse. Kenako tidzagwirizana zinthu ziwiri: njira yobwezera ngongoleyo, ndi maola otsegulira kiyosiki. Tidzasankhanso anthu atatu, mmodzi wa kumtunda, mmodzi wa pakati ndi mmodzi wa kumunsi, okapereka kalata yathu ku bodi ya madzi. Palibe mfundo imene yamangidwa kale, ndipo aliyense wofuna kulankhula adzapatsidwa mpata. Amene muli ndi mipopi panyumba, chonde mudzatenge bilu yanu yomaliza. Ngati simungathe kubwera, tumizani wina wa pabanja panu kapena perekani maganizo anu kwa mlembi tsikulo lisanafike. Zikomo kwambiri."

Muona kuti moni wake watchula ochita lendi. Ndachita zimenezi dala, chifukwa m'madera ambiri a m'tauni anthu otunga pakiyosiki ambiri ndi a lendi, koma iwo amaganiza kuti misonkhano ya dera ndi ya eni mapuloti, ndipo ngati simuwatchula sabwera. Zotsatira zake n'zakuti mtengo wa ndowa umagamulidwa ndi anthu amene sagula ndowa. Muonanso kuti uthengawo wanena ola loyambira ndi ola lomalizira. Mayi amene ali ndi mwana kumsana, nyemba pamoto ndi tomato pamsika amafuna kudziwa kuti adzabwerera nthawi yanji, ndipo ngati mwalemba 4 koloko muyenera kutsekadi pa 4 koloko, ngakhale nkhani zitatsala, chifukwa mawu anu a mawa adzayesedwa ndi zimene mwachita lero.

Chiganizo chakuti palibe mfundo imene yamangidwa kale ndicho mtima wa uthengawo, koma muchilembe pokhapokha ngati chili choona. Ngati komiti yagwirizana kale mseri kuti ndowa ikwera mtengo, ndipo msonkhano ndi wongodziwitsa anthu, nenani choncho poyera kuti komiti ili ndi ganizo lokweza mtengo ndipo ikufuna kumva maganizo a anthu lisanayambe kugwira ntchito. Anthu amakhululukira komiti yobwera ndi ganizo lowawa, koma sakhululukira komiti yowaitana kuti adzasankhe chinthu chimene chasankhidwa kale. Ineyo ndinalakwitsapo pamenepa ndili wachinyamata pantchito: ndinathandiza komiti ina kulemba uthenga woti anthu adzasankhe okha malo omangapo kiyosiki yatsopano, pamene njerwa zinali zitatsitsidwa kale pamalo ena. Bambo wina wachikulire anaimirira n'kufunsa modekha kuti njerwazo zatsitsidwa ndi chilolezo cha msonkhano uti, ndipo ndinalibe yankho. Anthu anabalalika mwakachetechete, ndipo panapita miyezi yambiri asanayambenso kubwera ku misonkhano ya komitiyo.

Palinso zinthu zimene ndazisiya dala. Sindinalembe kuti "osabwera asadzadandaule," ngakhale mawuwa ndi ofala m'zidziwitso zathu, chifukwa amamveka ngati chiopsezo ndipo amapweteka anthu amene sangathedi kubwera, monga alonda ogwira ntchito usiku, odwazika matenda ndi okalamba. Sindinatchule kuti msonkhano wapitawo unalephereka kapena kuti anthu a dera lino sakonda chitukuko, pakuti munthu saitanidwa pomudzudzula. Sindinatchulenso dzina la wogulitsa madzi, la msungichuma kapena la chipani chilichonse. Ngati akhansala a wodi yanu adzakhalapo, lembani udindo wawo wokha, ndipo muwapemphe mwaulemu iwo ndi owatsatira kuti tsikulo pasakhale nsalu kapena nyimbo za chipani, chifukwa mpopi umodzi umamwetsa anthu a zipani zonse, ndipo ena akangoona mtundu wa nsalu pabwalo amabwerera panjira.

Za kolera ndikulangizani kusamala. N'zoona kuti mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. N'zoonanso kuti kiyosiki ikatsekedwa anthu amabwerera ku zitsime zosatetezedwa ndi kumitsinje, kumene madzi a m'zimbudzi amalowa mvula ikagwa. Koma musaike zimenezi mu uthenga woitanira anthu ngati chida chowaopsezera, chifukwa m'dera lanulo mungakhale mabanja amene anataya abale pa mliriwo, ndipo sayenera kukumbutsidwa chisoni chawo pachikwangwani. Malo ake a nkhaniyi ndi pamene mukucheza ndi bambo kapena mayi amene ali ndi mpopi ndi thanki panyumba, amene akuti za kiyosiki sizikumukhudza. Ameneyo mungamuuze mofatsa kuti ana ake amadya limodzi ndi ana a otunga kuchitsime, kuti masamba a pamsika amatsukidwa ndi madzi omwewo, ndiponso kuti kalata yopita ku bodi yokhudza maola a madzi ikukhudzanso mpopi wake. Ngati mungathe, pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzalankhule kwa mphindi zisanu za kathiridwe ka kololini m'madzi akumwa, chifukwa anthu amamudziwa ndipo sali mbali ya wina pa nkhani ya ngongole.

Uthenga wabwino ukhoza kulephera chifukwa cha njira imene wayendera. Yambani ndi amfumu, kapena mtsogoleri wa buloko ngati ndi mmene dera lanu limayendera, ndipo muwawerengere mawuwo asanatuluke, osati kuti iwo adzangomva kwa ena. Musanaupachike paliponse, pitaninso kwa ogulitsa madzi ndi kwa msungichuma, muwauze maso ndi maso kuti mabuku adzawerengedwa ndipo muwapatse masiku oti akonze zolemba zawo. Ena amaona ngati kutero n'kuchenjeza wolakwa, koma ine ndimaona kuti ndi chilungamo, ndiponso manambala a pamita ndi a pabilu sangasinthidwe ndi cholembera cha munthu. Wogulitsa amene wamva za kuwerengedwa kwa mabuku kudzera pachikwangwani amadziona ngati waweruzidwa kale, ndipo abale ake amabwera ku msonkhano okonzekera ndewu. Komanso wogulitsa madzi ndiye amaonana ndi anthu ambiri kuposa wina aliyense m'dera, kotero akakhala nanu pamodzi uthenga umafika khomo lililonse popanda inu kuyenda.

Pepala lipachikidwe pakiyosiki penipeni, pachigayo, pamsika ndi pachipata cha sukulu, masiku asanu ndi awiri kapena khumi tsikulo lisanafike. Perekani kope ku mipingo yonse ndi kumzikiti, osasiya ndi umodzi womwe, kuti kusiyidwa kwa ena kusaoneke ngati tsankho. Kumbukirani kuti Asilamu amasonkhana Lachisanu masana, a mpingo wa Seventh Day amapemphera Loweruka, ndipo mipingo yambiri imapemphera Lamulungu m'mawa. Ngati m'dera lanu opemphera Loweruka ndi ambiri, ganiziraninso za tsikulo, chifukwa Lamulungu masana lingakhale losavuta kwa onse. Pewani m'mawa, nthawi imene madzi amabwera ndipo amayi ali pamzere, pakuti msonkhano wa madzi wochitika amayi akutunga madzi umasanduka msonkhano wa abambo okhaokha. Uthenga wa pafoni ndi wothandiza, koma m'magulu a pafoni ndi mmene mikangano imayambira msanga. Wina akayankha moloza chala, inu musatsutsane naye kapena kumuvomereza, mungomuthokoza n'kumuuza kuti funso lakelo lalembedwa ndipo lidzayankhidwa pabwalo pali mabuku. Madzulo a tsiku loti mawa ndi msonkhano, mnyamata ayende ndi chinkuzamawu kukumbutsa anthu, ndipo anene mawu omwewo a papepala popanda kuwonjezera zake.

Mukamayenda m'makomo mudzakumana ndi funso lakuti kodi a bodi ya madzi adzabwera. Ayitaneni ndi kalata yolembedwa, yosainidwa ndi apampando ndi amfumu, ndipo musunge kope lake, koma musalembe mu uthenga kuti adzakhalapo pokhapokha atatsimikiza. Ngati sanayankhe, nenani zoona kuti aitanidwa ndipo msonkhano udzachitika kaya abwera kaya ayi, chifukwa mfundo ziwiri zija ndi za anthu eni. Akabwera, atetezeni. Amene amatumidwa ku misonkhano yotere kawirikawiri ndi wogwira ntchito wa m'dera, amene sakhazikitsa mitengo ndipo salamula magetsi, ndipo akakuwizidwa sadzabweranso. Mupatseni mafunso atatu olembedwa tsikulo lisanafike, monga akuti dera lanu limamwa kuchokera m'thanki iti, ngati pali ndondomeko ya maola ogawira madzi, ndiponso ngati ngongole ya kiyosiki ingabwezedwe pang'onopang'ono madzi asanadulidwe. Mafunso otere ali ndi mayankho amene munthu angabwere nawo kuchokera ku ofesi.

Ena adzakufunsani ngati kudzakhala kangachepe kapena zakumwa, chifukwa misonkhano ya mabungwe ena inawazoloweza choncho. Yankhani mosabisa kuti kulibe, kuti msonkhanowu ndi wa eni dera ndipo ndi wa maola awiri okha. Ena, makamaka achikulire amene aona makomiti ambiri akubwera ndi kupita, adzakuuzani kuti anapitapo ku misonkhano yambiri ndipo palibe chinasintha. Musawatsutse, chifukwa mwina akunena zoona. Auzeni chimene chidzakhale chosiyana ulendo uno, kuti mabilu adzawerengedwa mokweza, kuti mfundo ndi ziwiri zokha, ndiponso kuti chigawo chawo chikufunika munthu mmodzi pa nthumwi zitatu zija. Kenako afunseni kuti ndani wa kuchigawo kwawo amene amamukhulupirira kuti angawaimirire. Munthu amene watchula dzina la mnzake amabwera kudzaonetsetsa kuti mnzakeyo wasankhidwa.

Pa tsikulo, pemphani apampando kuti ayambe ndi manambala maganizo asanayambe: kope la maola a madzi la mabanja atatu lija, mabilu, ndi masamu a ndowa olembedwa pabolodi la sukulu kuti aliyense aone. Mpata wolankhula uzisinthana pakati pa zigawo ndiponso pakati pa amayi ndi abambo, ndipo wina akatchula munthu dzina momuneneza, apampando amubwezere ku funso lakuti ndi nambala iti pabolodipo imene akuikayikira. Inu monga mlembi lembani chiwerengero cha obwera kuchokera ku chigawo chilichonse, mfundo zimene zamangidwa m'mawu ake enieni, ndi dzina la woyenera kuchita chilichonse pamodzi ndi tsiku lake. Muwerenge zimenezi mokweza anthu asanabalalike, kuti wotsutsa atsutse pomwepo. Pasanathe masiku atatu, pachikani tsamba limodzi la mfundozo pakiyosiki, pamalo omwe munapachika uthenga woitanira anthu, ndipo nthumwi zikabwerako ku bodi mupachikenso yankho limene zalandira, ngakhale litakhala lakuti dikirani, pamodzi ndi tsiku limene zidzapitenso kukafunsa.